Kalata Yolembera Munthu Ntchito Isasiye Mpata wa Mkangano

Tiyerekeze kuti mwini sitolo ku Limbe walemba kalaliki, ndipo m'kalata wangoti "malipiro ndi K400,000 pa mwezi." Mwezi ukatha, kalaliki uja alandira zoperewera chifukwa achotsapo msonkho ndi 5 peresenti ya penshoni. Mkangano wayambika kale. Kalata inayenera kunena poyera kuti ndalamazi ndi zonse asanachotsepo kanthu, n'kutchula zochotsedwazo komanso tsiku lolandira. Ngati pali ndalama ya nyumba kapena ya mayendedwe, ilembedwe payokha.

Tsiku loyamba ntchito likhale lenileni, monga Lolemba pa 3 Malichi 2025. Mawu oti "mwezi wamawa" sathandiza, pakuti tchuthi ndi zaka zimene munthu wagwira amawerengera kuyambira tsikulo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa nthawi yoyeserera. Lamulo la ntchito la m'Malawi la 2000 limati nthawiyi isapitirire miyezi 12, ndipo ili mkati, aliyense angathetse mgwirizano popanda chidziwitso. Nchifukwa chake tsiku lothera liyenera kulembedwa. Ngati ndi miyezi itatu, lembani 2 Juni 2025, ndipo nenani kuti kalata yomukhazikitsa pa ntchito idzaperekedwa tsikulo lisanadutse.

Onjezerani maola ogwira ntchito ndi masiku a tchuthi. Onse awiri asayine, aliyense asunge kalata yake.