Panado wa mwana: mlingo umachokera pa sikelo

Palasetamolo, amene ambiri amangomutcha panado, amapatsidwa kwa mwana potengera kulemera kwake osati zaka zake. Ana awiri a zaka zitatu akhoza kusiyana ndi makilogalamu angapo, ndipo mlingo woyenera wina ungamuchulukire mnzake. Kulemera kwa mwana kumalembedwa m'kabuku ka kusikelo, koma ngati papita miyezi asanayezedwe, ndi bwino kumuyezanso.

Lamulo lake ndi ili: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa nthawi imodzi, osapyola pamenepo. Mlingo wina ubwere patatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo asamwe koposa kanayi pa maola 24. Maola amenewa amaphatikiza usiku. Kucha kwa tsiku sikufafaniza zimene mwana wamwa pakati pa usiku.

Mwana wolemera makilogalamu 12 ayenera kumwa mamiligalamu 180, ndiye kuti 12 kuchulukitsa ndi 15. Akamwa kanayi amafika pa 720, ndipo awa ndiwo malire ake pa tsiku. Chotsala ndi kudziwa kuti mamiligalamu 180 ndi mankhwala amadzi ochuluka bwanji, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka. Botolo lofala limakhala ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5, choncho mwanayu amwe mamililita 7.5. Koma palinso botolo lamphamvu la ana okulirapo, la mamiligalamu 250 m'mamililita 5, ndipo la mtunduwu akufunika mamililita 3.6 okha. Mayi wozolowera 7.5 akapatsa mwana muyeso womwewo kuchokera m'botolo lamphamvuli, mwana amamwa mamiligalamu 375, kuposa kawiri mlingo wake. Nchifukwa chake manambala a pa botolo ayenera kuwerengedwa nthawi iliyonse pogula latsopano. Poyeza, agwiritse ntchito kakapu kapena sirinji ya mankhwala, popeza masupuni a tiyi a m'nyumba amasiyana kukula.

Pakakhala mapiritsi okha a mamiligalamu 500, mwana wa makilogalamu 12 amuthyolere piritsi panayi ndi kumupatsa chidutswa chimodzi, mamiligalamu 125. Theka la piritsi lamuchulukira.

Ngozi yobisika kwambiri imabwera ndi chimfine. Mankhwala ambiri a chimfine, amadzi, amapiritsi ngakhale aufa osungunula m'madzi otentha, amakhala ndi palasetamolo kale, pomwe dzina lalikulu la pa paketi silinena zimenezi. Kholo limapereka panado kaamba ka kutentha kwa thupi, kenaka mankhwala a chimfine kaamba ka mamina, poganiza kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wa makilogalamu 12 uja akamwa panado wake kanayi, nkumwanso kanayi mankhwala a chimfine okhala ndi mamiligalamu 120 pa muyeso uliwonse, amafika pa mamiligalamu 1,200 m'malo mwa 720. Palibe amene walakwitsa kuyeza, koma chiwindi cha mwana chasenza katundu woposa msinkhu wake.

Njira yopewera ndi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tosonyeza zimene zili m'mankhwalawo. Mawu ofunika kuwayang'ana ndi `paracetamol` kapena `acetaminophen`, amene ali mankhwala amodzimodzi. Akapezeka pa mapaketi awiri, mwana amwe limodzi lokha. Ndipotu mankhwala osakaniza a chimfine salimbikitsidwa kwa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Kubwereza kumachitikanso agogo akapereka m'mawa, mayi nkudzaperekanso pochokera kumsika osadziwa. Kulemba nthawi pa kapepala komata pa botolo kumathetsa vutoli.

Choopsa cha palasetamolo wochuluka nchakuti samaonetsa msanga. Tsiku loyamba mwana akhoza kungochita mseru, kusanza, kapena kusewera ngati palibe kanthu. Kuwonongeka kwa chiwindi kumadzaoneka pakatha masiku awiri kapena atatu: kupweteka m'mimba chakumanja m'munsi mwa nthiti, chikasu m'maso ndi kuwodzera kosadziwika bwino. Mankhwala othana ndi poizoniyu, otchedwa asetilosisitini, amagwira bwino kwambiri akaperekedwa pasanathe maola asanu ndi atatu. Choncho mwana amene akukayikiridwa kuti wamwa mopyola mlingo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwinobwino, atatenga mabotolo ndi mapaketi onse amene wamwako.

Pali ana ena amene kuwerengera kwa pakhomo sikuwakwanira. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi lifunika kuonedwa kuchipatala lisanapatsidwe kanthu. Mwana wonyentchera kapena wodwala chiwindi amavulala ndi mlingo wocheperapo, kotero mlingo wake anene ndi achipatala. Panado amangotsitsa kutentha osachiza chimene chakuyambitsa, choncho kumadera a malungo mwana wotentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ngakhale thupi litazizira atamwa mankhwala.