Mphepo Ikatembenuza Dishi ya Pansanja

Nsanja zambiri za foni za kumidzi sizilumikizidwa ndi waya wapansi. Zimapatsirana mawu ndi intaneti kudzera m'madishi oyera, okhala ngati ng'oma, amene mumawaona chakumtunda kwa nsanja. Dishi ya paphiri lino imayang'anizana ndi inzake ya paphiri lina, ndipo mafunde ake amayenda mowongoka ndi mopyapyala ngati kuwala kwa tochi. Pa mtunda wa makilomita 20, dishi ikapotoka digiri imodzi yokha, pakati pa mafundewo pamaphonya inzakeyo ndi mamita pafupifupi 350. N'chifukwa chake mkuntho wa usiku umodzi ungathe kuzimitsa netiweki m'midzi yambiri nsanja ili chiimire, magetsi akuyaka.

Tiyerekeze mnyamata amene wangoyamba kumene ntchitoyi, watumidwa kuphiri mu Januwale pamodzi ndi mkulu wake wapantchito. Mvula ikukhuthuka, mabingu akugunda, ndipo ku ofesi akuimba pafupipafupi. Iye wayamba kale kuvala malamba.

"Tavula kaye zimenezo, mphwanga," akutero mkuluyo. "Tiyambe tamva zimene makina akunena."

Alowa m'kanyumba ka patsinde pa nsanja n'kulumikiza laputopu. Nambala imene akuifuna imalembedwa kuti RSL, ndipo imasonyeza mphamvu ya mafunde ofika kuchokera kutsidya. Tsiku loika dishiyo inalembedwa -42 dBm. Lero ikusewera pa -64, ndipo mphepo ikakunkha imatsikira ku -72, kulumikizana n'kuduka. Kutsika ndi 10 kulikonse kumatanthauza kuti mphamvu yachepa kakhumi, choncho apa chikufika n'chosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu ya masiku onse.

Nambalayi ili ndi zoitsitsa zingapo, ndipo luso lagona pozisiyanitsa. Mvula yamphamvu payokha imameza mafunde, makamaka opitirira 10 GHz. Vuto limenelo silifuna sipanala: mvula ikakata, nambala imabwerera yokha, ndipo wokwera nsanja chifukwa cha ilo waika moyo pachiswe pachabe. Koma awiriwa aona kuti mvula ikadukiza nambala sikukwera, ndipo kutsika kwake kukutsatana ndi kuwomba kwa mphepo. Mkuluyo atuluka n'kuyang'ana m'mwamba: chitsulo chochirikiza dishi m'mbali chamasuka, dishiyo ikugwedezeka.

Adziwa vuto, koma sakwera. Nsanja yachitsulo pamwamba pa phiri ndiye poyamba kugwera mphenzi, ndipo ndodo yoikokera pansonga paja inaikidwa kuti iteteze makina, osati munthu wokakamira pazitsulo. Amisiri amawerenga masekondi kuchokera pa ching'aning'ani kufika pa bingu. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi, ndipo akapanda kukwana 30, mphenziyo ili pafupi moti ingathe kukufika. Lamulo n'kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza, ndipo likagundanso kuwerenga kumayambira poyamba. Ine ndimalemekeza kwambiri mmisiri amene amayankha bwana wake kuti "sitikwera pano" kuposa amene amathamangira makwerero kuti atamandidwe.

Mabingu atatha ndi mphepo itachepa, mnyamata uja akwera, mvula ya mawawa ikadagwabe. Malamba ake ali ndi zingwe ziwiri za ngowe. Amakola yachiwiri asanamasule yoyamba, kuti pasakhale ngakhale kamphindi koti ali wosamangika, pakuti zitsulo zonyowa zimaterera. Sipanala iliyonse yamangidwa ku kachingwe, chifukwa itapulumuka pa mamita 40 ingaphe mnzake ali pansi. Podutsa madishi ena amazembera kumbuyo kwake, poti kutsogolo n'kumene kumatulukira mafunde.

Atafika, adzimangirira ndi lamba wam'chiuno kuti manja onse agwire ntchito. Kumbuyo kwa dishi kuli kabokosi ka wailesi, ndipo pakabokosipo pali polumikizira mita yoyezera magetsi. Amasula mabawuti pang'ono n'kumatembenuza dishiyo ndi bawuti yowongolera, maso ali pa mita, mkuluyo akumuwerengera nambala kuchokera pansi. Ifika -61, kenaka iyamba kutsikanso.

"Ndaipeza, akulu! Ndimange?"

"Usamange. Pitirira."

Apa m'pamene achinyamata ambiri amanamizika. Kupatula mafunde aakulu apakati, dishi imatulutsanso ena ofooka m'mbali, ndipo ukakhazikika pa amenewo netiweki imabwera ndithu, koma mvula yotsatira imaidulanso. Mnyamatayo apitiriza kutembenuza. Nambala igwa, kenaka ilumpha mwadzidzidzi kufika -43. Amanga mabawuti mosinthanasinthana kuti dishi isasunthenso pomanga, abwezeretsa chitsulo chochirikiza chija, ndipo asanatsike akulunganso tepi yotchinga madzi polumikizira chingwe, poti madzi akalowa pamenepo adzafunika kukweranso.

Choncho netiweki ikazima mphenzi zikung'anima, musafulumire kunena kuti amisiri akugona. Kawirikawiri amakhala afika kale patsinde pa nsanja, ndipo akudikira kuti zithe mphindi 30 zimene lamulo la ntchito yawo limafuna.