Jakisoni woyamba amadzaza, diripi imabwezera

Aliyense amene anadikirirapo wodwala m'chipatala anaziona izi. Anamwino amayamba ndi mankhwala ochuluka pa nthawi imodzi, kenako n'kupachika diripi yomangodontha pang'onopang'ono usiku wonse. Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala oyambawo ndiwo enieni, enawo ndi ongoperekeza. Si choncho ayi. Milingo iwiriyi ili ndi ntchito zosiyana, ndipo uliwonse uli ndi masamu akeake.

Titenge aminofilini, mankhwala akale a mphumu. Masiku ano madokotala amayamba ndi mankhwala opumira monga salubutamo, ndipo aminofilini amabwera pambuyo zinazo zikakanika. Ndasankha iyeyu chifukwa salola kuphonya. Chimene chimagwira ntchito mwa iye ndi teofilini, amene amafunika akhale pakati pa mamiligalamu 10 ndi 20 pa lita iliyonse ya magazi. Akachepa, chifuwa sichimasuka. Akapitirira 20, munthu amayamba kusanza, manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, ndipo zikafika poipa amagwa ngati wakhunyu.

Tiyerekeze kuti m'wodi mwabwera bambo wolemera makilogalamu 60, sasuta fodya, mtima ndi chiwindi zili bwino, koma mphumu yamukanikiza moti akulephera kumaliza chiganizo. Dokotala akufuna mamiligalamu 10 pa lita, ndipo akuwafuna tsopano.

Funso loyamba ndi lakuti mankhwalawo akamwazika pamalo aakulu bwanji. Mayi wophika amadziwa kuti mchere wokwana mphika waung'ono sungamveke mumphika wa pamaliro. Thupi nalo lili ndi mphika wake, ndipo mabuku amaulemba kuti Vd, kutanthauza kukula kwa malo amene mankhwala amamwazikamo. Koma mphika umenewu ndi wa m'masamu chabe. Timaupeza pogawa mankhwala onse amene ali m'thupi ndi kuchuluka kwa amene tawapeza m'lita imodzi ya magazi. Mankhwala amene amakonda kukakamira m'minofu amasiya ochepa kwambiri m'magazi, choncho mphika wawo umaoneka waukulu modabwitsa. Wa kolorokwini, amene tinkamwa kale pa malungo, umafika malita masauzande, pamene madzi onse a m'thupi la munthu wamkulu ndi malita 40 kapena kuyandikira pamenepo.

Teofilini alibe zambiri. Vd wake ndi pafupifupi theka la lita pa kilogalamu, ndiye kwa bambo wathuyu ndi malita 30. Lita iliyonse ikufuna mamiligalamu 10, zonse pamodzi 300. Patsala kanthu kamodzi kamene ophunzira amaiwala kawirikawiri. M'kabotolo muli aminofilini, ndipo pa mamiligalamu 100 aliwonse a aminofilini, teofilini ndi 80 okha. Gawo limeneli amalilemba S, ndipo pano ndi 0.8.

```
LD = (C × Vd) / S = (10 × 30) / 0.8 = 375 mg
```

LD ndi mlingo woyambira, C ndi kuchuluka kumene tikufuna m'magazi. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi mamiligalamu 250 m'mamililita 10, ndiye 375 ndi kabotolo kamodzi ndi theka. Malangizo ambiri a m'zipatala amatsitsako pang'ono, amati mamiligalamu 5 pa kilogalamu, ndipo kwa bamboyu angakhale 300. Mlingowu umalowa mumtsempha kwa mphindi zosachepera 20. Mankhwala amafuna nthawi kuti achoke m'magazi n'kumwazikira m'malita 30 aja. Mukawakankha mofulumira, onse amayamba afika kumtima asanasungunuke.

Mphika wadzaza, koma ndi wobooka. Kuyambira mphindi yoyamba chiwindi chimakhala chikuphwanya teofilini. Mphamvu ya thupi yochotsa mankhwala amailemba CL, ndipo imayezedwa m'malita pa ola, osati m'mamiligalamu. Apa m'pamene ambiri amasokonezekera, ndiye tifatse. CL ikutiuza kuchuluka kwa magazi amene thupi limawayeretsa kotheratu pa ola limodzi. Kwa munthu wamkulu wosasuta, ya teofilini ndi pafupifupi malita 0.04 pa kilogalamu pa ola, ndiye kwa bambo wathu ndi malita 2.4. Ngati lita iliyonse yanyamula mamiligalamu 10, thupi likutaya mamiligalamu 24 pa ola. Ntchito ya diripi ndi kubwezera 24 amenewo, osaonjeza, osachepetsa.

```
MD = (C × CL) / S = (10 × 2.4) / 0.8 = 30 mg/h
```

MD ndi mlingo wopitiriza. Anamwino akasungunula mamiligalamu 500 m'thumba la mamililita 500, mililita iliyonse imanyamula miligalamu imodzi, ndipo diripi iyenera kuyenda mamililita 30 pa ola.

Wina angafunse kuti bwanji osangopachika diripiyo basi. Mankhwala angafikedi pa 10, koma mochedwa. Nthawi imene thupi limatenga kuti lichotse theka la mankhwala timaipeza pochulukitsa Vd ndi 0.693 n'kugawa ndi CL, ndipo pano ikukwana maola pafupifupi 9. Diripi payokha imafuna nthawi zoterezi zinayi kapena zisanu kuti ikhazikike, ndiwo maola 35 mpaka 43. Munthu wobanika sangadikire tsiku ndi theka.

Tsopano pabedi loyandikana pagone agogo olemeranso makilogalamu 60, koma odwala mtima, miyendo yotupa. Mtima ukafooka, chiwindi chimadzazana magazi ndipo ntchito yake imabwerera m'mbuyo. CL ya teofilini imatha kutsika kufika pa magawo anayi mwa khumi, kutanthauza pafupifupi lita imodzi pa ola. Mphika wawo sunasinthe kwenikweni, ndiye mlingo woyambira ndi womwe uja. Chasintha ndi chibowo. Agogowa akufunika mamiligalamu 12 okha pa ola. Akapatsidwa 30 monga mnzawo, tsiku loyamba zonse zimaoneka bwino, ndipo ichi ndicho chimandiopsa. Mankhwala amakwera mwakachetechete kulowera ku 25 pa lita, ndipo amatenga masiku angapo kuti afikeko. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu agogo aja akuyamba nseru, tulo sakupeza, mtima ukugunda mosalongosoka, ndipo n'kosavuta kunena kuti ndi matenda awo a mtima aja. Chimodzimodzi zimachitika kwa odwala chiwindi, komanso amene akumwa sipurofulokisasini kapena eritiromaisini, chifukwa mankhwalawa amachedwetsa chiwindi pophwanya teofilini. Kwa wosuta fodya n'zosiyana. Utsi umachifulumizitsa chiwindi, CL imakwera ndi theka kapena kuposa, ndipo diripi ya 30 imamuperewera.

Mlingo woyambira nawo uli ndi msampha wake. Masamu aja akuganiza kuti mphika ndi wopanda kanthu. Ngati wodwala amamwa kale mapiritsi a aminofilini kunyumba, ndipo magazi aonetsa mamiligalamu 4 pa lita, chofunika kudzaza ndi 6 otsalawo. Tikachulukitsa 6 ndi 30 n'kugawa ndi 0.8 tikupeza 225. Zipatala zambiri zilibe makina oyezera teofilini m'magazi, ndipo pamenepo malangizo amati mlingo woyambirawo usaperekedwe kwa munthu amene akumwa kale mankhwalawa. N'chifukwa chake dokotala amafunsa mobwerezabwereza kuti, "Kunyumba amamwa chiyani? Amwa nthawi yanji komaliza?" Wodikirira wodwala akatulutsa m'chikwama timapepala tonse ta mapiritsi, ngakhale togula ku golosale, amakhala wapereka nambala imene dokotalayo sakanaipeza mwa njira ina iliyonse.