Chifukwa chake mphezi imamveka pa AM koma pa FM ayi

Aliyense amene anakula akumvera wailesi ya mabatire m'nyengo ya dzinja amalikumbukira phokoso lija. Mitambo ikangoda chakumadzulo, wowerenga nkhani ankayamba kudukizadukiza, wailesi ikuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Kumwamba kukati ng'ani, wailesi inkati khrrr nthawi yomweyo, bingu lisanafike n'komwe m'makutu. Agogo anga ankangoti, "Zimitsani, mvula yalowa mu wailesi." Lero mvula yomweyo imagwa, mphezi n'kumang'anima, koma wailesi ya m'minibasi imangoimba bwinobwino osathetheka. Mvula ndi yomweyo, koma njira yonyamulira mawu pa mafunde ndi imene inasintha. Kale tinkadalira kwambiri AM, pano ambiri timatchera FM, ndipo bata la FM lili ndi mtengo wake umene womvera sauona.

Mawu a munthu paokha sangauluke mtunda wautali. Choncho siteshoni imapanga funde lamagetsi logwedezeka mofulumira kwambiri, n'kulisenzetsa mawuwo. Kufulumira kwa fundelo kumayezedwa m'mahetsi, kutanthauza kuti lagwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Zilembo za kHz zolembedwa pa wailesi zikuimira mahetsi 1,000, ndipo MHz ndi mahetsi 1,000,000.

Tiyerekeze ndi mnyamata woimba ng'oma kutsidya kwa dambo amene akufuna kukuuzani uthenga. Angathe kuimba pa liwiro limodzimodzi, n'kumasintha mphamvu yokha, pena kumenya kwambiri, pena pang'ono. Imeneyo ndiyo AM, uthenga uli m'kukula ndi kuchepa kwa funde. Angathenso kumenya ndi mphamvu yofanana nthawi zonse, n'kumasintha liwiro, pena kufulumiza, pena kuchedwetsa. Imeneyo ndiyo FM. Tsono kubwere mphepo yamkuntho. Kukula kwa kulira kwa ng'oma kudzasokonekera, ndipo simudzadziwa ngati wachepetsa ndi mnyamatayo kapena mphepo. Koma liwiro la kamenyedwe mudzalitsatirabe, bola ng'omayo ikumveka.

Tiyambe ndi malo amene njira iliyonse imadya. Mafunde a wailesi ali ngati munda wa banja lalikulu, aliyense amapatsidwa ndime yake, ndipo wina akalowerera malire pamabuka mkangano. Anthu ambiri amaganiza kuti siteshoni imakhala pa nambala imodzi yokha imene imalengezedwa. Zoona zake n'zakuti funde likangosenza mawu limatambasuka mbali zonse ziwiri za nambalayo.

Pa AM masamu ake ndi osavuta. Titenge siteshoni youlutsa pa 900 kHz, ndipo wina aimbe likhweru la mahetsi 1,000 pa maikolofoni. Kumlongoti kudzatuluka mafunde atatu: lenileni la 900 kHz, lina pa 899 kHz, lina pa 901 kHz. Likhwerulo likakwera kufika mahetsi 4,000, mafunde a m'mbaliwo amasunthira pa 896 kHz ndi 904 kHz. Ndiye kuti malo amene siteshoni ya AM imafuna ndi kuwirikiza kawiri liwu lokwera kwambiri limene ikufuna kunyamula. Kuno ku Africa ndi ku Ulaya masiteshoni a AM anatalikiranitsidwa ndi 9 kHz, pamene ku America ndi 10 kHz. Gawani 9 pawiri, mupeza kuti mawu amene amakwana bwino m'ndime imeneyi amalekezera cha pa mahetsi 4,500. Pa kulankhula zimenezi n'zokwanira. Pa nyimbo ayi, chifukwa kuwala kwa chisekese, kwa maseche ndi kwa nsambo zing'onozing'ono za gitala kuli pamwamba pa malire amenewo. N'chifukwa chake nyimbo ya pa AM imamveka ngati ikuchokera m'chipinda chotseka, ngakhale kunja kulibe mvula.

Kale akatswiri ena ankayembekezera kuti FM idzapulumutsa malo. Ankati ngati funde tingamalisunthe pang'ono chabe, ndime yake idzakhala yopapatiza kuposa ya AM. Mu 1922 John Renshaw Carson, katswiri wa masamu wa ku America, anaonetsa kuti chiyembekezo chimenechi chinali chopanda maziko: ngakhale mulisunthe pang'ono motani, funde la FM silingadye malo ochepa kuposa AM. Mpaka lero mainjiniya amagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa dzina lake poyerekeza malo a FM. Amatenga mtunda umene funde limasunthira kuchoka pakati, n'kuphatikiza ndi liwu lokwera kwambiri, kenaka n'kuwirikiza kawiri. Siteshoni ya FM imaloledwa kusuntha 75 kHz mbali iliyonse, ndipo imanyamula mawu mpaka 15 kHz. Masamu ake ndi awa:

2 × (75 + 15) = 180 kHz

Tikagawa 180 ndi 9 tipeza 20. Siteshoni imodzi ya FM imadya malo a masiteshoni 20 a AM, ndipo pogawa malo amaiwerengera pafupifupi 200 kHz kuti isagundane ndi inzake. Gawo lonse la AM limene timalidziwa, kuyambira cha pa 530 kHz mpaka cha pa 1,600 kHz, lingangokwana masiteshoni asanu okha a FM. N'chifukwa chake FM inapatsidwa malo kumtunda, pakati pa 87.5 MHz ndi 108 MHz, kumene munda ndi waukulu.

Amene anaona phindu m'kuwononga malo kumeneku anali Edwin Howard Armstrong, Mmerika mnzake. Iye anaganiza mosemphana ndi anzake: m'malo mopanikiza funde, analitambasula dala. Analandira ziphaso za luso lakeli mu 1933, ndipo mu 1935 analionetsa kwa mainjiniya anzake ku New York. Anawamvetsera madzi akuthiridwa m'tambula ndi pepala likung'ambidwa, timawu timene pa AM tikanangomveka ngati phokoso.

Chinsinsi chake chagona pa mmene phokoso limalowera. Mphezi, mapulagi a njinga yamoto, makina owotcherera zitsulo, ngakhale tchaja yotchipa ya foni, zonsezi zimatulutsa timafunde tosalongosoka timene timadziphatika pa funde la siteshoni n'kusintha kukula kwake. Wailesi ya AM ntchito yake ndi kutsatira kukula kwa funde basi. Ilibe njira yodziwira kuti kukwera uku ndi mawu a muulutsi, uku ndi mphezi ya ku phiri, choncho imapereka zonse ku sipika. Palinso china chimene chimaifooketsa AM: ngakhale mawu akwezedwe mpaka pamapeto, magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya siteshoni amathera pa funde lapakati lija, limene silinyamula uthenga uliwonse.

M'wailesi ya FM muli kachigawo kotchedwa limita. Kamachita zimene amachita wogulitsa chimanga akamasalaza pamwamba pa ndowa ndi dzanja: chilichonse chotumphuka kamachidula, funde n'kutsala lofanana msinkhu. Popeza uthenga suli mu msinkhu, palibe chimene chatayika, koma zambiri za mphezi zapita. Phokoso lotsala limayesabe kugwedeza liwiro la funde, koma limangoligwedeza pang'ono, pamene siteshoni ikuligwedeza ndi 75 kHz yathunthu. Apa ndi pamene malo aakulu aja amabweza ngongole. Funde likamasunthidwa kwambiri, mawu amaposa phokoso kwambiri, ndipo phindulo limakula mofulumira: mukawirikiza kawiri kusunthako, mphamvu ya mawu poyerekeza ndi phokoso imawirikiza kanayi. Pa masamu a m'buku, mafunde awiri akafika pa wailesi ndi mphamvu yofanana, FM ya masiteshoni imaposa AM koposa ka 100 pa kuyera kwa mawu.

Kunena chilungamo, si ulemu wonse umene uyenera kupita kwa FM. Mphamvu zambiri za mphezi zili m'mafunde a m'munsi, komwe kumakhala AM, ndipo kumtunda kwa 100 MHz zimafikako zochepa. Choncho FM inapeza njira yabwino, inapezanso malo abata.

Koma FM ili ndi phompho lake, ndipo amene amayenda pa msewu wa M1 amalidziwa. Nyimbo imamveka bwino kwa makilomita ambiri, kenaka galimoto ikangolowa kuseri kwa phiri mumamva tsetsetse, timawu tothetheka, posakhalitsa n'kungoti fooo. Ubwino wonse wa FM umagwira ntchito pokhapokha funde likaposa phokoso ndi mphamvu pafupifupi ka 10 pofika pa wailesi. Likatsika kupitirira apo, wailesi imayamba kusokoneza phokoso ndi funde lenileni, ndipo mawu amagwa msangamsanga. Pamenepa malo aakulu aja amasanduka mdani, chifukwa khomo lotambasuka 180 kHz limalowetsa phokoso lochuluka ka 20 kuposa khomo la 9 kHz. AM siigwa chotero. Imafooka pang'onopang'ono, ndipo khutu la munthu limatha kutola mawu pakati pa phokoso, monga tinkachitira usiku pofunafuna masiteshoni akutali.

Ngati muli kumalire a siteshoni ya FM ndipo mukumva kafuwe ka sii kosalekeza, yesani kuchotsa sitiriyo, muike pa `MONO` ngati wailesi yanu ili ndi batani limenelo. Pa FM phokoso limachuluka mawu akamakwera, ndipo uthenga wosiyanitsa sipika ya kumanja ndi ya kumanzere umanyamulidwa pamwamba, pakati pa 23 kHz ndi 53 kHz, pomwe phokoso ndi lochuluka. Mukausiya, kafuwe kaja kamachepa kwambiri. Kukweza eriyo kapena kuisunthira pawindo kumathandizanso, chifukwa nthawi zina mphamvu yongowonjezera pang'ono ndi imene imakubwezani pamwamba pa phompho.

Khalidwe lina la FM limaoneka masiteshoni awiri akakumana pa nambala imodzi. Wailesi imagwira wamphamvuyo n'kumuponderezeratu wofookayo, ngakhale kusiyana kwao kukhale kochepa. Kwa womvera nyimbo zimenezi n'zabwino, chifukwa samva masiteshoni awiri nthawi imodzi. Koma kwa woyendetsa ndege zingakhale zoopsa. Ndege zikamalankhulana ndi nsanja, kaya pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu, zimagwiritsabe ntchito AM, pa mafunde a pakati pa 118 MHz ndi 137 MHz, pamwamba pang'ono pa masiteshoni athu a FM. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti oyendetsa ndege awiri akalankhula nthawi imodzi pa AM, wa pansanja amamva mawu osakanikirana kapena kulira kwa likhweru, n'kudziwa kuti pali wina amene sanamveke, ndipo amapempha kuti abwereze. Pa FM akanangomva wamphamvuyo bwinobwino, osadziwa kuti ndege ina yakutali inali kuitana.