Mbiri ya malemu: iyeseni ndi pakamwa musanaimirire pagulu

Zovuta zikagwa pamudzi, ntchito yolemba mbiri ya malemu imagwera mdzukulu kapena mphwake wa malemuyo amene amadziwika kuti adapita kusukulu. Amalemba usiku pasiwa, pepala lili pabondo, uku akufunsa azakhali zaka ndi mayina. Akamaliza amayendetsa maso kamodzi, napinda pepala kuika m'thumba. Mawu akewo adzawamva koyamba mawa masana akutuluka pa chinkhuzamawu, anthu mazana ali chete. Vuto limayambira pamenepo, chifukwa mbiri yowerengedwa ndi maso okha imakhala isanayesedwe.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mbiri ya mayi amene adali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo wotsogolera mwambo wakuuzani kuti musapitirire mphindi 5. Mwalemba mawu 700. Chamumtima mumatha msanga, ndiye mukuganiza kuti zili bwino. Tulukani kuseri kwa nyumba, imirirani, tsegulani wotchi ya pafoni, muwerenge mawu 100 oyambirira mokweza ngati mukulankhula ndi gogo amene wakhala patali pansi pa mtengo. Tinene kuti zakutengerani mphindi imodzi ndi masekondi 10. Ndiye kuti pepala lonse lidya mphindi zoposa 8, ndipo apo simunawerengere kupereka ulemu kwa a gulupu, a nyakwawa, abusa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, komwe kumatha mphindi yakeyake. Kuti mukwane pa mphindi 5, mbiriyo iyenera kutsika kufika mawu pafupifupi 350. Theka lonse lichoke.

Kudula kumawawa, koma ganizirani amene akumvetsera. Inu si nokha wolankhula. Pali akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, amfumu, kulengeza chipepeso, ndiye kenaka mwambo wa mpingo ndi ulaliki. Adzukulu adayamba kukumba kusanache. Amayi akhala pansi padzuwa, ena ndi ana kumbuyo, ndipo ngati ndi dzinja mitambo yayamba kale kuda. Choyamba kuchoka chikhale mndandanda wa sukulu zonse zimene mayiwo adaphunzitsako ndi zaka zake. Tchulani yoyamba, yomaliza ndi imene adakhalitsa. Zaka zichepe ndithu, popeza timazitchula m'Chingerezi ndipo chilichonse chimadula mayendedwe a chiganizo. Chaka chobadwa, cha ukwati ndi tsiku lomwalira n'zokwanira kwa anthu ambiri.

Tsono kuwerenga kwachiwiri n'kwa mpweya, ndipo apa m'pofunika kudekha. Gwirani cholembera, ndipo paliponse pamene mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, ikanipo kamzere. Taonani chiganizo ichi, chimene papepala chikuoneka chaulemu wake:

"Malemu mayi athu, omwe adabadwa m'chaka cha 1954 ndipo atamaliza maphunziro awo a uphunzitsi ku koleji ya ku Bembeke adayamba ntchito yomwe adaigwira mokhulupirika kwa zaka 34 m'sukulu zosiyanasiyana, adali munthu wokonda ana."

Yesani kuchinena ndi mpweya umodzi. Mukamafika pa "wokonda ana", pomwe pali mtima wa nkhani, mawu atsika kale ndipo akumbuyo sakumva. Chikonzeni motere:

"Mayi athu adabadwa mu 1954. Uphunzitsi adakaphunzira ku Bembeke. Adagwira choko zaka 34. Ambiri mwakhala panonu mudadziwa kulemba dzina lanu m'manja mwawo."

Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Mawu otsiriza tisanapume timawakoka pang'ono chakumapeto, ndipo khutu la womvera limatera pomwepo. N'chifukwa chake mawu amene mukufuna kuti anthu apite nawo kwawo ayenera kukhala kumapeto kwa chiganizo, osati kubisika pakati pa ma "omwe" ndi ma "ndipo". Komabe musadule zonse mofanana. Ziganizo zazifupi zikandondozana zambiri zimamveka ngati munthu akuitana mayina m'kaundula, choncho pambuyo pa zazifupi ziwiri kapena zitatu lolani chimodzi chitambasuke. Mawu amene lilime lapunthwapo kawiri poyeserera, asintheni. Mawa mudzakhala mukunjenjemera ndipo mudzapunthwapo ndithu.

Palinso malo ena amene si mpweya udzakuthereni, koma mtima. Mukawerenga mokweza mudzamva pakhosi pakutsekeka, mwina pofika pa mawu otsiriza amene mayiwo adakuuzani kuchipatala. Ndi bwino kudziwiratu usiku. Mutha kuika chiganizocho kumapeto penipeni kuti mukachinena mukhale pansi, kapena kupempha mbale wanu aime pambali panu, chala chake chikutsata mzere, kuti mukalephera apitirize. Dziwaninso kuti potchula mayina a ana osiyidwa, amayi a kusiwa amayambanso kulira. Siyani mpata pamenepo, ndipo mpatawo muuwerengere m'nthawi yanu.

Kuyesa kwachitatu sikutheka muli nokha. Itanani anthu awiri, mwini mbumba ndi mmodzi wa mbali inayo, muwawerengere zonse. Musawafunse ngati zili bwino, chifukwa adzangoti zili bwino. Afunseni kuti, "Amalume, ndani amene ndamusiya? Ndi mawu ati amene angamulase munthu?" Ana awerengedwe onse, amoyo ndi otsogola, ndipo ngati alipo a banja loyamba, akuluakulu agwirizane usiku womwewo za momwe atchulidwire. Mwana womva abale ake akutchulidwa iye n'kudumphidwa, pamaso pa mudzi wonse, amasunga chilondacho zaka zambiri. Za matenda nenani zokhazo zimene banja lavomereza. "Adadwala miyezi itatu, tidayesetsa kuchipatala" n'zokwanira. Mawu okuluwika ngati "amene achita izi akudzidziwa" afufutidwe osanyengerera. Amayatsa moto pamaliro, komanso lamulo la ufiti la mu 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Pamene mukuwawerengera, yang'anani nkhope zawo. Akayamba kuyang'ana kumbali, ndime imeneyo yatalika. Akakwinya nkhope, pali mawu achilendo, kawirikawiri Chingerezi cha kuofesi chimene agogo sachimva. Ndipo mukatha afunseni chimene akumbukira. Akangoti "adali munthu wabwino", mbiriyo ikadali ya munthu aliyense. Pafunika chinthu chimodzi chimene anthu adachiona ndi maso, monga kuti mayiwa ankasunga singano ndi ulusi m'kabati ya m'kalasi kuti azisoka mayunifolomu ong'ambika pa nthawi yopuma. Chiganizo chimodzi choterocho chimalowa m'malo mwa mawu onse oyamikira amene mwadula aja.

Kuukwati mayeso ndi omwewa, kungoti kumeneko nthawi imalimbirana ndi perekaniperekani, ndipo nthabwala iliyonse iyambe yadutsa m'makutu mwa ankhoswe. Imene ingaseketse anzake a mkwati koma n'kugwetsa nkhope za apongozi, isiyeni.

Mukatha kukonza, lembaninso bwino pa pepala lina ndi zilembo zikuluzikulu, chiganizo chilichonse pamzere wake, mbali imodzi yokha ya pepala kuti musamavutike kutembenuza dzanja lina lili ndi maikolofoni. Musadalire foni, chifukwa padzuwa sioneka bwino ndipo imazima pakati pa chiganizo. M'mawa, anthu asanayambe kusonkhana, werenganinso komaliza mutaimirira, wotchi ikuyenda. Ikapitirira mphindi 5, dulaniponso.