Pamene Msambo Uli Pafupi Kusiya: Mtima Wosakhazikika ndi Kuiwalaiwala

Msambo susiya tsiku limodzi. Usanalekeretu, mayi amadutsa m'nyengo ya zaka zingapo, nthawi zambiri atapitirira zaka 40. M'nyengoyi timadzi ta m'thupi totchedwa esitirojeni sititsika mwadongosolo: mwezi uno tachuluka, mwezi wamawa tagwa mwadzidzidzi.

Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumavutitsa ubongo. Esitirojeni imathandiza serotonini, yomwe imakhazika mtima pansi, ndiponso imagwira ntchito m'mbali za ubongo zosunga zinthu. Ikagwa msanga, mayi amapsa mtima pa kanthu kochepa, amalira, kapena mtima umagunda ndi nkhawa yopanda chifukwa. Kutentha thupi ndi thukuta la usiku zimadula tulo, ndipo kusagona kumawonjezera kuiwala.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wa zaka 46, yemwe msambo wake wayamba kudumpha miyezi, amadzuka usiku ali thukuta kamukamu. Kukacha, dzina la mwana wa m'kalasi limamuthawa, kenaka limabwera lokha. Kuiwala kotere sikulanda luso la ntchito, ndipo kwa ambiri kumachepa msambo ukasiyiratu.

Kuyeza magazi kamodzi sikunena zambiri, poti timadzito timasinthasintha. Chothandiza dokotala n'kulemba masiku a msambo, tulo ndi mmene mtima ukumvera kwa miyezi itatu. Kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimabweretsanso zizindikiro zofanana, choncho nazonso zimayezedwa. Koma chisoni chosatha milungu iwiri, maganizo ofuna kudzipha, kapena kusochera pamalo odziwika zimafuna chipatala msanga.