Ndege ya 14:30, kunyumba munyamuke nthawi yanji?

Pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, munthu wochedwa amadziwika msanga. Thukuta lili kamukamu, chikwama akuchikoka chothamanga, kumbuyo abale operekeza ali wefuwefu. Akafika pa kauntala apeza atseka. Chopweteka n'chakuti ndegeyo akuiona ili poteropo, siinanyamuke.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi nthawi yolembedwa pa tikiti. Imeneyo ndi nthawi yonyamukira ndege, si yanu ayi. Yanu ndi imene amatseka kauntala yolandirira zikwama, ndipo pa maulendo a kunja makampani ambiri amatseka kutatsala ola limodzi. Akatero amawerengera kulemera kwa anthu ndi katundu yense n'kupereka mapepala kwa woyendetsa ndege. N'chifukwa chake ngakhale mupepese motani, kawirikawiri satsegulanso.

Tiyerekeze kuti mukupita ku Johannesburg ndipo tikiti ikuti 14:30, kutanthauza hafu pasiti 2 masana. Werengani chobwerera m'mbuyo. Kauntala itsekedwa 13:30. Kupimitsa katundu pa makina achitetezo ndi kuima pamzere wa pa kauntala, ikani ola lathunthu, makamaka tsiku limene ndege zingapo zikunyamuka motsatizana. Tafika 12:30.

Ola lachitatu ndi limene anthu amaliona ngati lotaya, koma ine ndimati ndilo lopulumutsa. Mwaika chikwama pa sikelo, chalemera makilogalamu 27 pamene tikiti ikulola 23. Ndiye mukhale pansi, mumasule, muchotse ufa ndi usipa uja, muitane mlamu amene anayamba kale kubwerera kugalimoto. Mwinanso wa pa kauntala akufuna kuona tikiti yobwererera kapena viza, inu n'kuyamba kufufuza m'foni imene yatsala pang'ono kuzima. Zonsezi zimakonzeka ngati nthawi ilipo. Choncho pakhomo la bwalo mufike 11:30, kutatsala maola atatu.

Mukalandira chiphaso chokwerera ndege musachedwe ndi kutsanzikana. Kutsogolo kudakali odinda mapasipoti ndi achitetezo, ndipo chipata chokwerera chimatsekedwa ndege isananyamuke, mwina kutatsala mphindi 15 kapena 20.

Kwatsala msewu. Kuchokera mumzinda wa Lilongwe kukafika ku bwaloli ndi makilomita pafupifupi 25, koma pa Kanengo mathiraki akathithikana, makamaka nyengo yogulitsa fodya, galimoto zimayenda ngati kamba. Wokhala ku Kawale aike ola limodzi ndi mphindi 15, ndipo 10:15 ikamakwana akhale ali m'galimoto, osati akusaka nsapato. Wochokera ku Mzuzu kapena ku Mangochi, ndi bwino adzagone ku Lilongwe.

Kulembetsa pa intaneti kumathandiza, koma ngati muli ndi chikwama chachikulu mudzaimabe pamzere. Usiku woti mawa ulendo, tsegulani tikiti yanu muonenso ngati nthawi sinasinthe, ndiponso muwerenge pamene kampani yanu yalemba nthawi yotsekera kauntala. Kuwerenga kwanu kuyambire pamenepo.